Mpunga ndi nyama zogona: ndinatenthetsa ndithu, nanga adwaliranji?

Amake Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso, makamaka kwa inu a zaumoyo. Lamulungu tinali ndi alendo a kumpingo, ndiye ndinaphika mpunga wa Kilombero makilogalamu 4 m'sefuliya yaikulu, ndi nyama ya mbuzi ya msuzi wambiri. Tinadya cha m'ma 1 koloko. Zotsala ndinavundikira bwinobwino, ntchentche sinaterepo ngakhale imodzi. Magetsi anali atathima, anayaka cha m'ma 9 koloko usiku, ndipo m'pamene ndinalowetsa mapoto onse awiri m'firiji. Lolemba m'mawa ndinakazinga mpunga uja ndi dzira, ana awiri anadya n'kupita kusukulu. Isanakwane 9 koloko aphunzitsi anaimba foni kuti onse awiri akusanza. Bambo awo mpungawo sanaulawe, anadya nyama ija ndi nsima masana, koma pakati pa usiku anayamba kutsegula m'mimba mpaka kucha. Chakudyacho sichinagage, sichinkanunkha. Chinavuta n'chiyani? Loweruka likubwerali ndikuphika pa chinkhoswe cha mng'ono wanga, anthu pafupifupi 80, ndiye mtima suli m'malo.

Madalitso: Pepani amayi. Koma mpunga umenewo munagula kuti? Masiku ano ena akusakaniza ndi wakale wofumbwa, ena akuuthira mankhwala a anankafumbwe. Ine ndikuona kuti vuto ndi mpungawo.

Amake Tadala: Ayi achimwene, thumba lomwelo takhala tikudya mwezi wonse. Komanso alendo onse anadya Lamulungu, palibe amene wadandaula.

Mayi Gondwe: Ana ali bwanji pano? Musaiwale kolera, kwatentha kwambiri kuno.

Amake Tadala: Ali bwino, zikomo. Kusanza kunatha madzulo omwewo, Lachiwiri anapita kusukulu. Bambo awo nawonso Lachiwiri madzulo anali atapezako bwino.

Anambewe: Amake Tadala, mwachita bwino kutchula nthawi ya chilichonse, chifukwa yankho lagona pa nthawi pomwepo. Sindinawaone odwalawo, koma mmene mwafotokozeramu zikuloza ku tizilombo tiwiri tosiyana, kena ka mumpunga, kena ka mumsuzi wa nyama. Ndiyambe ndi mpunga.

Mpunga wosaphika umabwera ndi kachilombo ka m'dothi kotchedwa basilasi sereyasi. Kachilomboka kakaona kuti zinthu zavuta kamadzitsekera m'kanjere kolimba, ndipo kanjereko sikafa ndi madzi owira. Zili ngati njere za bonongwe: moto umadutsa m'munda, koma mvula yoyamba ikagwa zimamera. Mukaphula mpunga, tizilombo tina tonse tafa, koma tinjere timeneti tili moyo. Mpunga ukadali wotentha kupitirira madigiri 60 sitichita kanthu. Ukangofika pofunda timamera n'kuyamba kuchulukana, ndipo pochulukanapo timasiya poizoni mumpungamo. Poizoni ameneyu ndi amene amasanzitsa, ndipo amagwira msanga, kawirikawiri pakati pa ola limodzi ndi maola asanu munthu atadya. Ana anu anadya cha m'ma 6, pofika 9 akusanza. Zikugwirizana.

Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti poizoni ameneyu saphwanyika ndi moto wa kukhitchini. Mungakazinge, mungawiritse, tizilombo timafa koma poizoni amatsala momwemo. Alibe fungo, sasasitsa chakudya. N'chifukwa chake mphuno yanu sinakuuzeni kanthu.

Madalitso: Ndiye ngati anali kale mumpunga wosaphika, si zomwe ndimanena zija? Mpunga woipa.

Anambewe: Ayi achimwene Madalitso. Tinjereti timapezeka mumpunga uliwonse, wa ku Karonga, wa ku Nkhotakota, wa m'paketi wa kusitolo. Kutsuka kumachotsa fumbi ndi timiyala koma sikutha tinjere tonse. Alendo aja anadya tinjere tomweto osadwala, chifukwa anadya mpunga utangophulidwa, tisanamere. Chinasintha pakati pa Lamulungu masana ndi Lolemba m'mawa ndi maola 8 amene sefuliya inakhala panja itavundikiridwa.

Tiyerekeze chonchi. Maola awiri oyamba mpunga unali wotentha kwambiri, tiwachotse. Atsala 6. Pa kutentha kwa mwezi uno wa Okutobala tizilomboti tingathe kuwirikiza pa theka lililonse la ola. M'maola 6 ndiye kuti tawirikiza ka 12, ndipo kamodzi kasanduka topitirira 4,000. Sefuliyayo italowa m'firiji kuchulukana sikunaime pomwepo, chifukwa pakati pa mpunga wochuluka choncho pamatenga maola ena kuti pazizire.

Mayi Gondwe: Apa ndiye mwandisokoneza. Ife tinaphunzitsidwa kuti chakudya chotentha sitiika m'firiji. Chimaononga firiji, komanso chakudyacho chimasasa. Ine ndimadikira chizizire chokha, kenako ndiika. Ndipo kuvundikira si ndiye ukhondo wake?

Anambewe: Mbali ina mwalondola mayi. Sefuliya yongochoka pamoto mukailowetsa yonse m'firiji yaing'ono, imafunditsa mkaka ndi nyama zili pafupi, ndipo pakati pake pamakhalabe pofunda mpaka m'bandakucha. Koma mankhwala ake si kudikira kuti chizizire chokha. Mankhwala ake ndi kuchiziziritsa inuyo mwachangu, kenako n'kulowetsa. Chakudya chimene changotsala kofunda pang'ono, chili m'timakontena ting'onoting'ono, firiji imachilandira bwinobwino.

Za chivundikiro, chimateteza ku ntchentche ndi fumbi, n'zoona. Koma chimatsekeranso kutentha mkati. Poto wovundikira amachedwa kuzizira, ndiye chakudya chimakhalitsa pofunda paja pamene tizilombo timapakonda. Pozizira, phimbani ndi lichero loyera kapena kaneti kotchinga ntchentche kuti nthunzi izituluka. Chivundikiro chothina chibwere chakudya chitazizira.

Chifundo: Moni nonse. Ine ndimagwira ntchito kukhitchini ya nyumba yosungira okalamba kuno ku Mangalande, ndiye mpunga timauopa kwambiri. Malangizo a boma kuno amati mpunga uzizire ndi kulowa m'firiji pasanathe ola limodzi ngati n'kotheka, usakhale m'firiji kupitirira tsiku limodzi, ndipo utenthetsedwe kamodzi kokha. Mmene timachitira ndi motere. Tikangomaliza kugawa, wotsalawo timaukhuthulira pa mathireyi achitsulo otambalala, n'kuumwaza ndi chipande kuti ukhale wopyapyala, osapitirira zala ziwiri kuya kwake. Pakapita mphindi zingapo timautembenuza, nthunzi ina imatulukanso. Mphindi 20 kapena 30 umakhala wazizira. Timaika m'makontena osaya, kulemba tsiku ndi nthawi pachivundikiro, basi m'firiji. Wopanda cholembedwa abwana amangotaya osafunsa munthu.

Ngati ndi mpunga woyera wopanda mafuta ndi zokometsera, njira yachangu kwambiri ndi kuuika m'sefa n'kuutsanulira madzi ozizira, kenako kuusiya ukhe.

Anambewe: Zikomo achemwali. Pa madzi ozizirawo ndiwonjezerepo mawu amodzi chifukwa kuno si kumeneko. Madzi ake akhale amene mungamwe, owiritsa n'kuzizira kapena othira kolorini. Madzi a pachitsime osatetezedwa akathiridwa pa mpunga wakupsa, mwachotsa vuto lina n'kuikamo lina. Ngati mukukayika, gwiritsani ntchito thireyi. Ndipo pomwaza gwirani chipande choyera, osati manja. Pakhungu pathu ndi m'mphuno mumakhala tizilombo tina timene natonso timasiya poizoni wosamva moto.

Amake Tadala: Za mpunga ndamva. Nanga bambo awo? Iwo sanasanze ngakhale kamodzi, thupi silinatenthe, kunali kupotokola m'mimba ndi kutsegula basi.

Anambewe: Nyamayo munaitenthetsa bwanji Lolemba?

Amake Tadala: Ine ndinali kusukulu kukatenga ana. Mtsikana wathu ndi amene anaika poto pa mbaula ataphula nsima, makala anali akutha. Akuti mafuta aja atasungunuka, msuzi utafunda, anapakula.

Anambewe: Ndiye nkhani yake ndi imeneyo. M'msuzi wa nyama, wa nkhuku ndi m'nyemba muli kachilombo kena, kolositiridiyamu pefirinjenzi. Nakonso kali ndi tinjere topirira moto. Kameneka kamadana ndi mpweya, ndiye pansi pa poto wakuya wa msuzi wokhuthala, pamwamba patayala mafuta, m'pamalo pake penipeni. Ndi kaliwiro kuposa ka mumpunga kaja. Msuzi ukakhala cha m'madigiri 45, kofunda koti chala n'kupirira, kangathe kuwirikiza pa mphindi 10 zokha.

Kusiyana kwake n'koti kameneka nthawi zambiri sikasiya poizoni m'poto. Munthu amameza tizilombo tamoyo tambirimbiri, ndipo poizoni timakatulutsira m'matumbo. N'chifukwa chake matenda ake amachedwa, maola 8 mpaka 16, ndipo amabwera ndi kupotokola ndi kutsegula, kusanza ndi kutentha thupi sikuchitikachitika. Bambo anadya 12 koloko masana, pakati pa usiku zayamba. Msuzi umenewo ukanawira mpaka kubwata paliponse, tizilombo tambiri tikanafa. Kufunditsa kuja sikunaphe kanthu.

Gogo Nasibeko: Eya, pamenepo ndiye mwafika pa zimene ife tinakulira. Ana inu, ife kumudzi firiji tinaiona liti? Nyemba tinkaphika za masiku awiri. Usiku tikatha kudya timazibwezera pamoto ziwire, tiphula, tivundikira, ndipo palibe wololedwa kupisamo chipande mpaka m'mawa. Kukacha tiziwiritsanso. Mwana akatsegula mphika usiku ankakalipiridwa. Sitinkadwala ayi.

Anambewe: Agogo, mwambo umenewo uli ndi nzeru zake, ndipo sindingaunyoze. Kuwiritsa usiku kumapha tizilombo tolowa ndi zipande ndi manja nthawi ya chakudya. Kuletsa kupisamo kumatchinga tina. Kuwiritsa kwa m'mawa, ngati ziwiradi, kumapha timene tamera usiku. Kwa banja lopanda firiji, zimenezi zimaposa kutali kungosiya poto pamafuwa.

Koma pali mpata umene watsala. Kuwiritsa kwa usiku sikupha tinjere tija, ndipo ka mumpunga kaja kamapezekanso m'nyemba ndi zakudya zina. Kakapeza usiku wotentha n'kusiya poizoni wake, moto wa m'mawa sumuchotsa. Ndiye pa nyemba ndi nyama njira yanu imachepetsa ngozi koma siithetsa. Pa mpunga ndiye siigwira n'komwe.

Gogo Nasibeko: Mpunga ife sitinkagoneka, unali wa pa Khirisimasi, unkatha tsiku lomwelo. Koma za nyemba ine sindisiya mwana wanga. Nkhuni za nyemba n'zambiri, sungaphike tsiku ndi tsiku.

Yohane wa ku Salima: Agogo akunena zoona pa nkhuni, komanso kwawo ndi ku Dedza. Usiku wa Juni ku Dedza ndi usiku wa Okutobala kuno kunyanja n'zosiyana. Kuno nyemba zogona zimatha kuchita thovu kusanache.

Anambewe: Achimwene Yohane mwanena bwino, nyengo ndi malo zimasintha liwiro lake. Komabe ndisakunamizeni kuti kuzizira kwa ku Dedza kukufanana ndi firiji. Firiji imayenera kukhala pa madigiri 5 kapena kutsika. Agogo, ngati nyembazo mupitiriza, ndipempheko zitatu. Mukaphula usiku, khazikani mphika m'beseni la madzi ozizira uzizire msanga, osausiya pamafuwa otentha kapena pa mbaula ya makala ozilala. M'mawa ziwire mpaka kubwata, mukutakasa mpaka pansi. Ndipo zidzukulu zing'onozing'ono, mayi woyembekezera ndi wodwala muziwapatsa zophikidwa tsiku lomwelo.

Gogo Nasibeko: Za beseni ndamva. Zinazo tiona.

Yohane wa ku Salima: Ine ndili ndi kalesitilanti pafupi ndi depoti, ndiye ndifunse zanga. Mpunga ndimaphika 10 koloko, ndiika m'mafuduwoma aja apulasitiki, ndimagulitsa mpaka 3 koloko. Kodi pamenepo ndili bwino?

Chifundo: Zimatengera kuti pofika 3 koloko mpungawo uli bwanji. Mafuduwoma satenthetsa, amangochedwetsa kuzizira, ndipo nthawi iliyonse mukatsegula kuti mupakule kutentha kumathawa. Ife timabaya themomita pakati, ukatsika pansi pa 63 ndiye kuti uyenera kudyedwa pasanathe maola awiri kapena kutayidwa.

Yohane wa ku Salima: Themomita ya chakudya kuno ndiipeza kuti achemwali?

Anambewe: M'masitolo a ziwiya m'tauni imapezeka, ndipo kwa munthu wogulitsa chakudya ndi ndalama yogwira ntchito. Musagwiritse ya kuchipatala ija, imathera cha m'ma 42. Pamene mulibe, yang'anani izi: mukafukula pakati ndi chipande, nthunzi ituluke yambiri, ndipo mpunga wa pakatipo ukhale woti simungaufumbate m'manja. Ukafika poti n'kudya osauzira, watsika kale.

Koma kwa inu njira yosavuta ndi kuphika kawiri. Theka 10 koloko, theka lina 12 koloko. Musanaike mpunga m'fuduwoma, thiranimo madzi owira akhale mphindi zingapo, mukhuthule, ndiye muike mpunga wongophula kumene, mudzaze. Ndipo mpunga watsopano musauthire pamwamba pa wakale. Pansi paja pamatsala wa m'mawa, tsiku lonse osatha.

Yohane wa ku Salima: Kuphika kawiri ndi makala kawiri. Koma ndiwerengera ndione, chifukwa nthawi zina wa 3 koloko umatsala n'kutayika ndithu.

Madalitso: Nanga ife a poto wamagetsi wa mpunga? Wanga ndimausiya pa Keep Warm kuyambira masana mpaka usiku.

Chifundo: Ngati magetsi alipo nthawi yonseyo ndipo potoyo ndi wabwino, amasunga mpunga pamwamba pa 60, palibe vuto kwa maola angapo. Vuto ndi pamene magetsi athima inu muli kuntchito, n'kuyakanso madzulo. Mukafika mupeza mpunga wotentha, osadziwa kuti pakati apa unakhala maola anayi wofunda.

Mayi Gondwe: Zomwezo ndi firiji. Kuno magetsi amatha kuthima m'mawa mpaka madzulo. Ndiye zonse mukunenazi zitithandiza bwanji?

Anambewe: Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4 magetsi atathima. Firiza yodzaza, yosatsegulidwa, imafika masiku awiri, yatheka tsiku limodzi. Ndiye nzeru yake ndi yakuti magetsi akakhalapo muumitse mabotolo a madzi m'firiza. Akathima, tsitsirani mabotolo awiri kapena atatu m'firiji pafupi ndi zakudya zophika, ndipo ana asamatsegule. Mabotolo omwewo mungawaponye m'beseni loziziritsira msuzi.

Amake Tadala, tsiku lija magetsi kunalibe, ndiye panali njira ziwiri. Yoyamba, kuziziritsa mpunga pa thireyi n'kuuika m'kulabokosi ndi ayezi, kapena kukapempha malo kwa a neba amene ali ndi sola. Yachiwiri, kuugawa nthawi yomweyo ukadali wotentha, alendo anyamule wokadya akangofika, ana a pamudzi adye. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 32, malangizo a ku Amereka amafupikitsa kufika ola limodzi. Nyamayo mukanatha kuisiya pamoto wochepa ikunyetanyeta mpaka chakudya chamadzulo.

Amake Tadala: Chabwino. Tsopano ndithandizeni za Loweruka. Mwambo uyamba 2 koloko, anthu adya cha m'ma 4. Azakhali akufuna tiphike nyama ndi nkhuku Lachisanu usiku kuti Loweruka tisapanikizike, mpunga tiphike m'mamawa. Firiji ili imodzi, firiza ya a neba ilipo.

Yohane wa ku Salima: Mpunga m'mamawa ayi amayi, zimenezo ngakhale ine ndikukana. Mpunga suchedwa kupsa. Kwa anthu 80 ndi makilogalamu 8, mukafuna kuti pasaperewere 10. Sankhani ndi kupeta Lachisanu. Madzi akhale pamoto 2 koloko, mapoto awiri kapena atatu, pofika 3 koloko wapsa. Muusiye m'mapoto momwemo, makala pang'ono pansi ndi pachivundikiro monga timachitira, 4 koloko mupakula ukufuka nthunzi.

Anambewe: Ndagwirizana nazo zonse. Za nyama, ndikadakonda muphike Loweruka m'mawa n'kuisiya pamoto wochepa mpaka nthawi yodya. Lachisanu mungadule, kutsuka, kuthira mchere n'kusunga yaiwisi m'firiza, ntchito yaikulu yatha kale. Poto wamkulu wa nyama wophikidwa usiku n'kugona panja ndi amene amadwalitsa anthu ambiri nthawi imodzi pa maukwati ndi pa maliro.

Azakhali akaumirira, chitani motere. Phikani ndi msuzi wochepa, wina mudzawonjezera mawa. Mukaphula, vuulani nyama muiyale pa mathireyi. Msuzi muugawe m'mapoto ang'onoang'ono, usapitirire masentimita 5 kuya, kutalika kwa chala chachikulu cha kumanja. Mapotowo muwakhazike m'mabeseni a madzi ozizira, madzi afike pamene palekezera msuzi koma asalowe mkati. Muzitakasa pafupipafupi, ndipo madzi a m'beseni akafunda mutaye muthire ena. Pasanathe maola awiri chiphulireni zonse zikhale zalowa m'firiji kapena m'firiza, makontena atatalikirana kuti mphepo yozizira izidutsa. Musawasanjikize akadali ofunda.

Loweruka, nyamayo ichoke m'firiji kupita pamoto, osayamba yakhala pakhonde. Ya m'firiza musaisungunule padzuwa, iponyeni m'poto ndi madzi pang'ono isungunukire pamoto. Iwire mpaka kubwata pakati ndi m'mbali momwe, mukutakasa. Kenako tengani nthuli yaikulu kwambiri, makamaka ntchafu ya nkhuku, muing'ambe. Pafupi ndi fupa pakhale potentha pofuka nthunzi. Msuzi umatha kuwira nthuli ili yozizira mkati. A themomita amafuna madigiri 75 pakatipo.

Chifundo: Ndipo muike munthu mmodzi woyang'anira zotsala, amene sakuvina nawo. Pa zikondwerero zotsala zimaiwalika mpaka usiku chifukwa aliyense ali ku perekaniperekani. Anthu akangomaliza kudya, iyeyo amwaze mpunga pa mathireyi. Nyama imene inaphikidwa Lachisanu n'kutenthetsedwa Loweruka isasungidwenso, imeneyo ithe tsiku lomwelo.

Mayi Gondwe: Bwanji kamodzi kokha? Ngati ndikuwiritsa bwinobwino nthawi iliyonse, chalakwika n'chiyani?

Anambewe: Kuwiritsako si kumene kuli ndi vuto mayi. Vuto ndi ulendo wake. Chakudya chikamatenthedwa chimadutsa pofunda paja, chikamaziziranso chimadutsanso pomwepo, ndipo ulendo uliwonse tinjere timapeza mpata. Ndiye m'malo motenthetsa poto yense, tapani zokwanira kudya nthawi imeneyo, zotsala zikhale m'firiji osasuntha.

Potenthetsa mpunga, wazani masupuni awiri a madzi pa kapu iliyonse ya mpunga, phwanyani zibuma, vundikirani, moto wapakati, mutembenuze kamodzi kapena kawiri mpaka nthunzi ituluke paliponse. Pa maikulowevu imitsani pakati, mutakase, mupitirize, chifukwa imatenthetsa mbali zina n'kusiya zina zozizira. Mpunga wokazinga ndi dzira ndi wabwino ndithu, bola ukhale woti unazizira msanga dzulo lake.

Madalitso: Ndiwo m'firiji zimakhala masiku angati? Ine ndimaphika Lamulungu za sabata yonse.

Chifundo: Kuno amati masiku awiri.

Anambewe: A ku Amereka amati atatu kapena anayi. Mabungwe sagwirizana pa chiwerengero, koma onse akuwerengera firiji imene sizima. Ndi mmene magetsi athu alili, ine ndimatsata masiku awiri pa ndiwo ndi limodzi pa mpunga. Za Lachitatu kupita m'tsogolo muziumitse m'firiza tsiku lomwe mwaphikalo, m'timapaketi ta chakudya chimodzi chimodzi. Mpunga nawo umauma bwino.

Madalitso: Ine masiku anayi ndakhala ndikudya, sindinaonepo kanthu. Ndipitiriza anayi, koma sabata yonse ndasiya.

Chifundo: Inu ndinu mnyamata wamphamvu. Agogo amene ndimawaphikira kuno, kutsegula m'mimba kwa usiku umodzi kumawagonetsa m'chipatala. Ine pa awiri sindisuntha.

Mayi Gondwe: Ndibwerere ku ana aja. Zikachitika chonchi tiziwapatsa chiyani? Ine ndimasunga bakitirimu ndi fulajilo m'nyumba.

Anambewe: Amenewo musawapatse mayi. Kusanza kwa mpunga kumabwera ndi poizoni, ndipo mankhwala opha tizilombo sachita kanthu pa poizoni. Matenda awiri onsewa nthawi zambiri amatha okha pa tsiku limodzi. Chofunika ndi madzi. Sungunulani paketi ya Thanzi ORS m'lita imodzi ya madzi abwino, mwana azimwa pang'onopang'ono. Akasanza dikirani mphindi 10 muyambirenso ndi supuni. Ngati paketi palibe, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Woyamwa apitirize kuyamwa.

Koma thamangirani kuchipatala mwana akamalephera kumwa kapena kusanza chilichonse chimene wamwa, maso akalowa, akasiya kukodza, akafooka n'kumangogona, m'chimbudzi mukaoneka magazi, thupi likatentha kwambiri, maso akachita chikasu, kapena tsiku likatha osasintha. Ndipo munatchula kolera: chimbudzi chamadzi okhaokha choyererako, chobwera pafupipafupi, musadikire n'komwe ngakhale mukuganiza kuti ndi chakudya chogona. Pitani nthawi yomweyo, akumwa ORS m'njira.

Yohane wa ku Salima: Funso lomaliza kwa ine. Nanga mkute wa nsima? Umenewu ndiye tonse tinakulira, m'mawa ndi tiyi kapena kuuotcha pa makala.

Anambewe: Ufa nawo umachokera m'munda, tinjere tomwe tija timapezekamo, ndiye lamulo la nthawi silisintha. Kusiyana kwake n'koti mitanda imakhala yogawikagawika, imazizira msanga kuposa sefuliya ya mpunga, pokhapokha mutaiunjika m'fuduwoma usiku wonse. Chimene ndimaletsa kwambiri ndi phala la mwana, lophika m'mawa n'kumamudyetsa lomwelo masana litakhala m'kapu.

Gogo Nasibeko: Phala la mwana ndiye zoona, limenelo ngakhale ife sitinkasunga. Koma mkute musaukhudze.

Amake Tadala: Ndalankhula ndi azakhali. Nkhuku avomera tiphike Loweruka m'mawa, koma ng'ombe akuti Lachisanu basi chifukwa imachedwa kufewa. Ndiye ndikufuna mathireyi achitsulo anayi ndi mabeseni awiri aakulu. Mayi Gondwe, anu aja a kumvano mungandibwereke?

Mayi Gondwe: Mathireyi ndili nawo atatu, mutume mwana Lachinayi madzulo. Mabotolo a madzi ndiyamba kuumitsa lero, mudzatengere limodzi.